Chithunzi choyamba chikamakuthamangitsirani anthu: kukonza ndondomeko ya zithunzi pa pulofayilo ya chibwenzi

Ine ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe, ndiye anthu akazolowerana nane amandipatsira foni n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tandionereniko apa, chalakwika n'chiyani?" Ndikatsegula pulofayilo yawo pa maapu a zibwenzi monga Tinder, Badoo kapena Bumble, nthawi zambiri ndimapeza kuti chithunzi chabwino ali nacho ndithu, koma anachiika pachinayi kapena pachisanu, kumene anthu ambiri safikako. Patsogolo anaikapo chimene iwowo amachikonda chifukwa cha zimene zinachitika tsiku limenelo, pomwe mlendo sakudziwa kalikonse za tsikulo. Vutoli ndalipeza kambirimbiri moti ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene ndimachita pofufuza.

Muyambe mwamvetsa mmene munthu winayo amakuonerani. Pa Tinder, chithunzi choyamba chimadzaza pafupifupi sikirini yonse, dzina ndi zaka zili m'munsi. Kuti aone chachiwiri ayenera kugogoda mbali yakumanja ya chithunzicho, ndipo sagogoda ngati choyambacho sichinamupatse chifukwa. Pa Bumble amatsika m'munsi ndi chala, koma nakonso chimene chimamulandira ndi choyamba chija. Tinder imalola zithunzi mpaka 9, Bumble mpaka 6, koma zonsezo zimadalira chimodzi chokha kuti zionedwe. Kuno kwathu palinso nkhani ya netiweki ndi bandulo: chithunzi chachiwiri chikamazungulira osatseguka, munthu amangopitirira.

Choncho chithunzi choyamba chili ndi ntchito imodzi, yoonetsa nkhope yanu mmene ilili chaka chino, momveka bwino, muli nokha. Zotsatirazo chilichonse chiziyankha funso limodzi limene munthu angakhale nalo ataona nkhopeyo. Pezani chizindikiro chimene chikufanana ndi chanu m'munsimu, ndipo muyambe ndi choyambitsa choyamba, chifukwa ndazindandalika kuyambira chimene ndimachipeza kawirikawiri.

## Chizindikiro 1: Papita masabata, palibe amene akukusankhani

Apa vuto limakhala pa chithunzi choyamba pafupifupi nthawi zonse, chifukwa munthu sanafike n'komwe pa zinazo.

1. Nkhope sikuoneka bwino. Izi zimabwera m'njira zingapo. Ena amaima patali kuti nyanja yonse ya ku Senga Bay kapena phiri la Mulanje lilowe, iwowo n'kutsala ngati kachitsotso pakati. Ena avala magalasi akuda ndi kapu, maso ndi chipumi zabisika. Koma chimene ndimachiona kwambiri ndi kuwala kochokera kumbuyo. Mukaima pakhomo kapena pawindo kunja kukuwala kumbuyo kwanu, kamera ya foni imayeza kuwala kwa kunjako n'kuidetsa nkhope. Pa khungu lathu lakuda zotsatira zake zimakhala zoipa kwambiri: mphuno, masaya ndi maso zimasanduka mthunzi umodzi. Dzuwa la masana nalonso limachita zake, limaika mithunzi m'maenje a maso n'kukuchititsani tsinya.

- Kuyeza: tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pakati, tambasulani dzanja, muyang'ane chithunzicho muli panja. Ngati simukuona maso onse awiri, sichiyenera kukhala choyamba.
- Kukonza: tembenukani kuti windo kapena khomo likhale kutsogolo kwanu, kapena imani pamthunzi wa khonde mutayang'ana kumene kukuwala. M'mawa dzuwa lisanakwere ndi madzulo lisanalowe ndi nthawi zabwino. Wojambulayo agogode nkhope yanu pa sikirini asanajambule, kuti kamera iyeze kuwala kwa pankhope. Chithunzi chiyambire pachifuwa kapena m'chiuno kupita m'mwamba.

2. Muli pagulu. Chithunzi cha anyamata asanu atavala masuti ofanana pa ukwati, kapena cha atsikana a yunifolomu imodzi pa bulaido shawa, chimapatsa mlendo ntchito yofufuza kuti mwini pulofayilo ndi uti. Ambiri safufuza. Amene wafufuza amakhala atasankha kale mumtima amene akufuna kuti akhale inuyo, ndipo akapeza kuti ndi wina amakhumudwa ngakhale inuyo mulibe vuto lililonse.

- Kukonza: chithunzi cha gulu chikhale chimodzi chokha, chisapitirire anthu atatu kapena anayi, ndipo chibwere munthu atakuzolowerani kale nkhope, pachinayi kapena kupitirira apo. Anzanuwo muwapemphe kaye, chifukwa wina ali pabanja ndipo sangakondwe nkhope yake ikamayenda pa apu ya zibwenzi.

3. Chithunzi n'chofiifira kapena chosweka. Choyambitsa chake anthu ambiri sachidziwa. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa kuti chisadye data yambiri. Mnzanu akakutumizirani, inu n'kuchiika pa sitetasi, kenako n'kuchijambulanso ndi sikirinishoti, ndiye kuti chafinyidwa kangapo, ndipo apu ya chibwenzi nayo idzachifinyanso. Pa sikirini yaikulu nkhope imaoneka ngati yopakidwa phala. Chithunzi chotere chimachititsanso anthu kukayikira kuti pulofayiloyo ndi yabodza, poti akuba zithunzi za eni amagwiritsa ntchito zoterezi.

- Kuyeza: kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka diso. Ngati nsidze zasanduka timabokosi, chatha ntchito.
- Kukonza: pemphani amene anajambula akutumizireni choyambirira ngati Document pa WhatsApp, kapena asankhe HD potumiza, kapenanso mupatsane pa Bluetooth. Ndipo musanajambule chatsopano pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Mafuta a m'manja pagalasipo ndi amene amachititsa chifunga chimene ambiri amati ndi vuto la foni yotchipa.

4. Apu yadula chithunzi molakwika. Malo a chithunzi ndi oimirira. Mukaika chopingasa, mbali zonse ziwiri zimadulidwa, ndipo ngati munaima chakumbali mungatsale ndi theka la nkhope. Komanso dzina ndi zaka zimalembedwa m'munsi mwa chithunzi, ndiye ngati nkhope ili m'munsi imaphimbika ndi zilembo.

- Kuyeza: gwiritsani ntchito poonera pulofayilo mmene ena amaionera, osangodalira timabokosi ta pa tsamba losinthira.
- Kukonza: sankhani chithunzi choimirira, maso akhale chakumtunda, pamwamba pa mutu patsale kampata.

5. Vuto si zithunzi. Izi zimachitika, makamaka kunja kwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Ngati mwaika mtunda waufupi ndi malire a zaka opanikiza, apu imatha anthu oti ikuonetseni. Ikamakuuzani kuti palibenso anthu atsopano pafupi nanu, kusintha chithunzi sikungathandize. Wonjezerani mtunda kaye.

## Chizindikiro 2: Machi amabwera, koma munthu sayankha kapena amakuchotsani

Chizindikiro ichi n'chosiyana ndi choyamba chija, ndipo mankhwala ake ndi ena. Chikutanthauza kuti chithunzi choyamba chagwira ntchito yake. Anthu ambiri amasankha ataona choyamba chokha, kenako machi akachitika, kutanthauza kuti nonse awiri mwasankhana, ndi pamene amakhala pansi n'kuona zonse bwinobwino. Chimene chawabweza chili pakati pa chachiwiri ndi chomaliza. Musachotse choyambacho, anthu ambiri amalakwitsa pamenepa.

1. Zotsatirazo zikuonetsa munthu wina. Choyamba ndi cha chaka chino, chachiwiri ndi cha pa giladuweshoni zaka zisanu zapitazo, chachitatu muli ndi ndevu, chachinayi mulibe. Kwa amayi, kusintha tsitsi si vuto, aliyense amadziwa kuti lero ndi mesh, mawa ndi wigi, mkuja ndi lachibadwa. Koma zikasintha pamodzi ndi maonekedwe a khungu chifukwa cha fyuluta, munthu sadziwa kuti akakumana ndi uti. Akakayikira amakhulupirira chithunzi chimene sichinamusangalatse.

- Kuyeza: onetsani zithunzi zonse kwa munthu amene sakudziwani kwenikweni, mumufunse ngati ndi munthu mmodzi.
- Kukonza: zonse zikhale za m'miyezi 12 yapitayi, kapena kuyambira pamene thupi kapena nkhope yanu inasintha komaliza. Chachiwiri chikhale cha thupi lonse, mutaima mwachibadwa, chifukwa funso loyamba la munthu akaona nkhope limakhala limenelo. Mukalizemba, iye amaganiza kuti pali chimene mukubisa.

2. Pali munthu amene sanafotokozedwe. Dzanja la munthu wodulidwa lili paphewa panu, zikhadabo zopenta zikuoneka. Mwakumbatirana ndi mlongo wanu, koma mlendo sangadziwe kuti ndi mlongo. Mphete ili pachala. Mwanyamula khanda la achemwali anu. Inu mukudziwa nkhani yake, koma winayo akuona mkazi kapena mwamuna wa mwini, ndipo m'matauni mwathu muno nkhani za anthu apabanja obisala pa maapu ndi zodziwika moti palibe amene angadikire kuti mufotokoze.

- Kukonza: chithunzi chodula munthu chichotseni, musachikonze. Za ana ndili ndi maganizo olimba: nkhope ya mwana isakhale pa apu ya zibwenzi, kaya ndi wanu kaya ndi wa m'bale wanu. Ngati muli ndi mwana, lembani m'mawu ofotokoza za inu. Munthu woona mtima awerenga, ndipo mwanayo watetezeka.

3. Chithunzi chimodzi chofooka chikugwetsa zonse. Anthu amaganiza kuti malo 9 ayenera kudzaza onse. Ayi. Zinayi kapena zisanu zabwino zimaposa 9 zimene ziwiri mwa izo ndi selefi ya m'bafa ndi chithunzi cha usiku cha maso ofiira. Chomaliza chisamaleni ngati choyamba, chifukwa munthu akafika pamenepo ndi pamene amaganiza zolemba kapena kusiya.

4. Palibe poyambira nkhani. Zithunzi zisanu zonse ndi nkhope, mbali imodzi, kumwetulira kumodzi, khoma limodzi. Munthu wakukondani koma alibe chonena kupatula moni, ndipo moni wopanda chotsatira amafera pomwepo.

- Kukonza: pachitatu ikani chithunzi chimene mukuchita chinthu chimene mumachitadi, monga kuphika, kusewera bawo, kuimba kwaya, kuthamanga kapena kusamalira dimba. Chikhale choona. Mukabwereka gitala ya mnzanu, funso loyamba lidzakhala loti mumaimba nyimbo zanji. Amene muli ku Britain ndipo mumagwiritsa ntchito apu ya Hinge muli ndi mwayi wina, poti pa apuyo munthu amasankha chithunzi chenicheni chimene chamukoka, ndiye mumadziwa chimene chikugwira ntchito.

## Chizindikiro 3: Akubwera ndi anthu amene simukuwafuna

Chithunzi choyamba chimasankhanso mtundu wa anthu amene aime. Chimene mwaika patsogolo ndi chimene munthu amaganiza kuti mukutsatsa.

1. Katundu ali patsogolo pa munthu. Galimoto, makiyi patebulo, mabotolo okwera mtengo, ndalama m'manja. Abambo ambiri amadandaula kuti uthenga wachitatu umakhala wopempha thiransipoti kapena yuniti, koma ukaona pulofayilo, galimoto yatenga malo aakulu kuposa nkhope. Tsitsani chithunzicho kapena chichotseni. Ngati galimotoyo si yanu, musachisunge n'komwe.

2. Thupi lili patsogolo pa nkhope. Chithunzi cha kunyanja kapena cha ku jimu chilibe cholakwika, ndipo munthu wotumiza mawu achipongwe ndi amene ali wolakwa, osati inu. Komabe pa ndondomeko, chithunzi chotere chikakhala choyamba chimaitana ambiri amene sawerenga n'komwe zimene mwalemba. Chiikeni pachinayi kapena pachisanu, kumene amafikako ndi amene anayamba wakopeka ndi nkhope. Wachipongwe mubulokeni ndi kumuneneza pa apu pomwepo.

3. Zithunzi zikunena zosiyana ndi mawu anu. Mwalemba kuti mukufuna wa banja, koma zithunzi zitatu zoyambirira ndi za kumalo omwera usiku. Anthu amakhulupirira chithunzi. Chimene chili chachikulu pamoyo wanu, kaya ndi mapemphero, ntchito yamanja kapena masewera, chionekere m'zithunzi zitatu zoyambirira.

## Chizindikiro 4: Mukakumana, nkhope yake imagwa

Ichi ndi chopweteka kuposa zonse, ndipo chimachokera pa kusankha chithunzi chokongola kwambiri m'malo mwa chofanana nanu kwambiri.

1. Fyuluta ya m'kamera. Mafoni ambiri, kuphatikizapo a Tecno ndi itel amene ali ponseponse kwathu kuno, ali ndi gawo lokongoletsa nkhope, ndipo pa ena limakhala loyatsa pa kamera yakutsogolo mwini wake osadziwa. Limasalaza khungu, nthawi zina kuliyeretsa ndi kuchepetsa chibwano. Yang'anani mu kamera mawu oti Beauty kapena kachizindikiro ka nkhope, mutsitse mpaka pa 0. Poyeza, kulitsani tsaya: khungu lenileni limakhala ndi timabowo ndi timizere.

2. Selefi yapafupi. Foni ikakhala pafupi ndi nkhope, chimene chili pafupi ndi galasi chimakula. Mphuno imakula, makutu amabisala, ndipo mukajambula kuchokera m'mwamba chipumi chimakula thupi n'kuchepa. Chithunzi chojambulidwa ndi munthu wina ataima mamita awiri, ndi kamera yakumbuyo, foni ili pa msinkhu wa maso anu, ndi chimene chimafanana ndi mmene munthu adzakuonereni mukamalowa pakhomo. Ngati palibe wokujambulani, tsamiritsani foni pawindo n'kuika tayima ya masekondi 10.

3. Chovala cha tsiku limodzi. Zithunzi za pa ukwati zimakhala zabwino, ndimazijambula ndekha, koma suti ndi mekapu a tsiku limenelo si zimene mudzavale pokamwa tiyi Loweruka masana. Chimodzi chikhalepo, chakumapeto. Choyamba chikhale cha zovala zimene mungavaledi pokakumana.

## Chizindikiro 5: Ndondomeko yasintha yokha

Apa zoyambitsa ndi zochepa ndipo sizivuta.

- Apu ikusankha yokha. Tinder ili ndi Smart Photos, imene inayamba mu 2016. Ikakhala yoyatsa imasinthasintha chithunzi choyamba n'kuika patsogolo chimene anthu akuchisankha kwambiri. Bumble ili ndi yofanana nayo yotchedwa Best Photo, Hinge ili ndi Top Photo. Zimathandiza pokhapokha ngati chithunzi chilichonse chingathe kuima patsogolo. Ngati muli ndi cha gulu kapena cha patali, zimitsani, chifukwa apu siidziwa kuti anthu akusankha inu kapena mnzanu wa pambali. Komanso kumene ogwiritsa ntchito apu ndi ochepa, imakhala ndi anthu ochepa oti iphunzirepo.
- Kusintha sikunasungidwe. Mumakanikiza chithunzi n'kuchikokera pamalo ena, koma netiweki ikaduka musanatuluke pa tsambalo, zimabwerera mwakale. Tsekani apu, mutsegulenso, muone.
- Chithunzi chachotsedwa. Maapu amachotsa zithunzi zophwanya malamulo awo, monga zamaliseche kapena za mwana ali yekha. Choyamba chikachotsedwa, chachiwiri chimakwera pamalo pake, n'chifukwa chake chachiwiri nachonso chiyenera kuonetsa nkhope.

## Chitsanzo chimodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiyerekeze bambo wa zaka 31 wokhala ku Lilongwe, amene ali ndi zithunzi 6 motere. Choyamba watsamira galimoto, wavala magalasi akuda, dzuwa lili pamutu. Chachiwiri ali ndi anzake atatu pa ukwati. Chachitatu ndi selefi ya mu ofesi, chitupa cha kuntchito chili pakhosi. Chachinayi anamujambula mchemwali wake pakhonde madzulo, akuseka, kuyambira pachifuwa. Chachisanu ali pamwala ku Cape Maclear, patali. Chachisanu ndi chimodzi akuwotcha chambo, thupi lonse likuoneka. Dandaulo lake ndi loti machi ndi osowa, ndipo ochepa amene amabwera amafulumira kupempha ndalama.

Zizindikiro zake ndi 1 ndi 3, ndipo zonse zikuloza chithunzi choyamba. Munthu amene waona galimoto ndi magalasi n'kugogoda amapeza amuna anayi, ndiye wafika pachitatu asanadziwe nkhope ya mwini pulofayilo. Ndi ochepa amene angapirire mpaka pachinayi.

Ine ndingakweze cha pakhonde chija kukhala choyamba, chifukwa maso akuoneka, kuwala kuli pankhope, ndipo kusekako ndi kwenikweni poti amaseka ndi munthu amene amamudziwa. Cha chambo chingabwere pachiwiri, chifukwa chikuyankha za thupi komanso chikupereka nkhani, ntchito ziwiri pa chithunzi chimodzi. Cha ku Cape Maclear chikhale pachitatu: kutalika kwake kulibenso vuto, nkhope yadziwika kale, ndipo amene anafikako kunyanjako apeza chofunsa. Cha ukwati chibwere pachinayi ngati anzakewo alola. Cha galimoto chichoke, makamaka ngati nambala ikuwerengeka. Cha mu ofesi chichokenso, chifukwa chitupa chili ndi dzina lonse ndi malo a ntchito, ndipo munthu wa zolinga zoipa safuna zambiri kuposa pamenepo. Zatsala zinayi. Chimene chikusowa ndi chotsekera, poti sindingakonde kuti atsirize ndi gulu. Ndingamuuze ajambulitse china chapafupi, chovala china, malo ena, chikhale chachisanu.

Pa zonsezi chatsopano ndi chimodzi chokha. Zina zonse anali nazo kale m'foni.

## Mmene mungadziwire ngati kusintha kwathandiza

Musanaike pa apu, yesani ndi anthu. Sankhani atatu a mtundu wa anthu amene mukufuna kukumana nawo, osati amayi anu kapena mnzanu wapamtima, chifukwa amene amakukondani amaona inuyo, saona chithunzi. Aonetseni chithunzi kwa masekondi awiri, mubise, kenako muwafunse kuti munthuyu ali ndi zaka zingati, akuoneka wotani mumtima, ndipo akumbukira chiyani. Akakumbukira galimoto kapena khoma la kumbuyo, chithunzicho si cha patsogolo.

Mukaika, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Zimitsani Smart Photos kapena inzake, siyani mawu ofotokoza mmene alili, ndipo mugwiritse ntchito apu mofanana ndi kale kwa masabata awiri. Lembani papepala zinthu ziwiri, machi angati ndi angati amene anafika pocheza zenizeni. Nambala yoyamba ikunena za chithunzi choyamba, yachiwiri ikunena za zotsatira. Kumbukirani kuti amene anakudutsani kale sabwerera msanga, choncho m'tauni yaing'ono zotsatira zimachedwa. Kusintha chithunzi madzulo aliwonse kumangokusokonezani, simudziwa chimene chathandiza.

## Pamene muyenera kusiya n'kupeza thandizo

Pitani kwa wojambula ngati mwayesa pakhonde, m'mawa ndi madzulo, galasi lopukuta, koma kamera ya foni ndi yosweka kapena nkhope ikudabe. Muuzeni kuti mukufuna zithunzi zapanja, za kuwala kwachilengedwe, zoimirira, ndipo asasalaze kapena kuyeretsa khungu. Musalole nsalu ya mu situdiyo kumbuyo pa zithunzi zonse, ndipo chimodzi kapena ziwiri zokha zikhale zake, zinazo zikhale za m'foni. Pulofayilo yosalala paliponse imakayikitsa. Mugwirizanenso kuti asaziike pa tsamba lake lotsatsira malonda popanda chilolezo chanu.

Lemberani a apu kudzera pa gawo lothandiza ngati zithunzi zikuchotsedwa popanda chifukwa chomveka, kapena kutsimikizira nkhope kukukanika. Tinder imatsimikizira poyerekeza kavidiyo ka selefi ndi zithunzi za pa pulofayilo, ndiye fyuluta yambiri, magalasi ndi zithunzi zakale zingachititse kuti ikane. Musalipire munthu aliyense wolonjeza kukutsegulirani akaunti kapena kukugulitsani chizindikiro chotsimikizira.

Onanani ndi mlangizi kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira ngati mwayamba kudana ndi nkhope yanu, kusala chakudya, kuganiza zodzola mafuta oyeretsa khungu kapena kusowa tulo chifukwa cha machi. Pamenepo vuto lachoka pa ndondomeko ya zithunzi, ndipo apu muipumitse kaye.

Pitani kupolisi zikafika pa izi:

- Wina watenga zithunzi zanu n'kutsegula pulofayilo ina. Mungafufuze poika chithunzi chanu mu Google Lens kuti muone ngati chili pamalo ena, ngakhale kuti siipeza zonse.
- Wina akukuopsezani kuti afalitsa zithunzi zanu m'magulu a WhatsApp mukapanda kutumiza ndalama.
- Munthu amene munamukana wafika kuntchito kapena kunyumba kwanu atazindikira malo pa chithunzi.

Musatumize ndalama, chifukwa woopseza akalandira kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga. Jambulani sikirinishoti ya pulofayilo yake, nambala ya foni, mauthenga ndi tsiku lake musanamubuloke, poti mukachotsana pa apu macheza amasowa. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti, ndipo ku mapolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa imene mungafikireko. Tsiku lomwelo onaninso zithunzi zanu chimodzichimodzi, muchotse chilichonse chimene chikuonetsa nambala ya galimoto, geti la nyumba, yunifolomu ya kuntchito, chikwangwani cha sitolo yoyandikana nanu kapena sukulu ya mwana.